Lendi ikakwera ndi K20,000, malipiro akwere ndi zingati kuti musatsike?

Alamu anga amagwira ntchito ya ukalaliki pakampani ina pa Dedza boma, ndipo iwo ndi achemwali anga amachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Katsekaminga. Kumayambiriro kwa Disembala 2024 analandira kalata yochokera kwa a landilodi yonena kuti kuyambira Januwale lendi ichoka pa K60,000 kufika pa K80,000, ndiponso kuti azilipira miyezi itatu nthawi imodzi. Madzulo a tsiku lomwelo ndinawapeza ali pakhonde, mvula ikuwaza, mphika wa nyemba uli pambaula, kalata ija itapindidwa panayi pabondo pa alamu.

"Alamu, nkhaniyi ndi yachidule," anatero alamuwo. "Ndikapempha abwana andiwonjezere K20,000, basi zatha."

Achemwali anapukusa mutu. "Ayi bambo ake, lendi yakwera ndi 33 peresenti. Malipironso akwere ndi 33 peresenti, apo ayi titsika."

Onse awiri anali ataphonya, wina pochepetsa, wina pochulukitsa. Tinatenga kope la mwana la masamu, pensulo ndi foni, n'kuyamba kuwerengera. Njira imene tinatsata usiku umenewo ndi imene ndikulemba pano. Inu muchotse manambala athu n'kuikapo anu.

Choyamba, dziwani ndalama imene imafika m'manja

Bajeti ya pakhomo siyambira pa malipiro olembedwa m'kalata ya ntchito. Imayambira pa ndalama imene imagwa mu akaunti mwezi ukatha. Malipiro a alamu anali K400,000. Pa kapepala kawo ka malipiro panali zodula ziwiri: msonkho wa PAYE K62,500 ndi penshoni K20,000. Yofika m'manja inali K317,500.

Msonkhowo unkatuluka motere. Kuyambira Epulo 2024, K150,000 yoyamba ya malipiro a pamwezi inalibe msonkho. Ndalama yoyambira pamenepo mpaka K500,000 inkadulidwa 25 peresenti, yopitirira K500,000 mpaka K2,550,000 inkadulidwa 30 peresenti, ndipo ya pamwamba pa apo 35 peresenti. Alamu anali ndi K250,000 pamwamba pa gawo lopanda msonkho lija, ndipo 25 peresenti yake ndiyo K62,500. Magawo amenewa amasintha boma likalengeza bajeti, choncho funsani amene akugwira ntchito mwezi uno kwa owerengera ndalama kuntchito kwanu kapena ku MRA. Za penshoni, lamulo limati wantchito azisonkha zosachepera 5 peresenti, olemba ntchito 10 peresenti. Ya olemba ntchitoyo musaiwerengere, chifukwa sichoka m'thumba lanu.

Achemwali amagulitsa mbatata ya kachewere pamsika, koma phindu lawo lonse, pafupifupi K80,000 pamwezi, limathera ku fizi ya mwana woyamba amene ali ku sekondale yogonera komweko komanso kusamala amayi kumudzi. Ndalama imene ili kale ndi kopita sitinaiike m'bajetiyi, ndipo nanunso musaiike. Mukaiwerengera kawiri mudzaona ngati muli ndi mpata pamene mulibe.

Chachiwiri, pezani kukwera kwenikweni kwa lendi

Kuchotsa K60,000 pa K80,000 n'kosavuta, yankho ndi K20,000 pamwezi, kapena K240,000 pachaka. Koma musathamange. Werengani kalata yonse, ndipo funsani a landilodi ngati pali china chasintha. Nyumba zambiri za pa poloti imodzi zimagawana mpopi umodzi, zina mpaka mita ya magetsi. Ngati kale bilu ya madzi inali m'kati mwa lendi koma tsopano akuti aliyense azisonkha K6,000 payekha, ndiye kuti kukwera kwanu ndi K26,000, osati K20,000. Zikhoza kuyendanso mbali ina: ngati lendi yatsopano yaphatikiza mlonda amene kale munkamusonkhera K3,000, chotsani K3,000 imeneyo. Kwa alamu panalibe china chosintha, ndiye tinatsala ndi K20,000.

Peresenti ya achemwali ija inali yoona. K20,000 kugawa ndi K60,000 ndi 33 peresenti. Cholakwika chinali kuipititsa ku malipiro. Lendi ndi gawo chabe la ndalama za pakhomo, choncho ikakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu sizitanthauza kuti zonse zakwera chomwecho. Peresenti yothandiza ndi yoyerekeza lendi ndi ndalama yofika m'manja. Kale lendi inkadya K19 pa K100 iliyonse ya alamu, tsopano izidya K25.

Chachitatu, lembani kumene ndalama imapita

Apa ndi pamene tinachedwapo, ndipo m'pofunika kuchedwapo. Munthu ukafunsidwa kuti umagwiritsa ntchito zingati pa ndiwo, pakamwa pamatuluka nambala yaing'ono. Ife tinatsegula mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba a miyezi itatu, tinatulutsa timapepala ta mayunitsi a ESCOM timene achemwali amasunga m'chitini cha mkaka, n'kuphatikiza zonse n'kugawa patatu. Zolipira pa temu, monga za sukulu, tinaphatikiza matemu onse atatu n'kugawa ndi 12.

Zinatuluka motere pamwezi:

Lendi K60,000. Magetsi K15,000. Madzi K8,000. Makala K24,000. Chimanga ndi chigayo K45,000. Ndiwo, mafuta ophikira, shuga, mchere ndi sopo K80,000. Sukulu ya ana awiri aang'ono K30,000. Mayendedwe ndi mayunitsi a foni K20,000. Za kutchalitchi, zipepeso ndi maukwati K15,000. Banki m'khonde K12,000. Zonse pamodzi K309,000.

Pa K317,500 pankatsala K8,500. Alamu anayang'ana nambala imeneyi kwa nthawi, kenako anati, "Ndiye ndalama imene imandifikitsa pa 25 ndi imeneyi." Kaŵirikaŵiri inkathera pa mankhwala a chimfine kapena nsapato ya mwana.

Tsopano ikani lendi yatsopano m'malo mwa yakale. Zonse zikukwana K329,000, pamene yolowa ikadali K317,500. Mwezi uliwonse paziperewera K11,500.

Nambala imene ine ndimaiona kuti ndiyo imanena zoona zenizeni ndi ina. Funsani kuti pa ndalama zonsezi, ndi ziti zimene mungasunthe popanda wina kugona ndi njala kapena kubwezedwa kusukulu. Kwa alamu zinali ziwiri zokha: K8,500 yotsala ija ndi K12,000 ya banki m'khonde, pamodzi K20,500. Lendi yatsopano ikumeza K20,000 pa K20,500 imeneyo. Ndipo ya banki m'khondeyo si ndalama yongosunga, ndi imene amagulira feteleza wa munda wa kumudzi akagawana kumapeto a chaka. Ikasowa, chaka chamawa chimanga cha K45,000 chija chidzakwera, chifukwa chimene ankakolola okha adzachita kugula. Kukwera kwa lendi kumayenda chonchi m'nyumba: kumayamba kudya zimene sizilira lero.

Makala nawo muwayang'anitsitse ngati mumakhala ku Dedza. Ife tinawerengera ndi miyezi ya Seputembala mpaka Novembala, nthawi yotentha. Mu Juni ndi Julayi mbaula sizima msanga, madzi osamba ana amafunika kuphitsa m'mawa uliwonse, ndipo thumba limatha lisanafike tsiku lake. Bajeti yowerengedwa m'chilimwe imanama pang'ono pa nkhuni ndi makala, choncho onjezeraniko pang'ono.

Chachinayi, werengerani malipiro oti akwere

Apa ndi pamene alamu anaphonya. K20,000 imene a landilodi akufuna ndi ndalama ya m'manja, yodulidwa kale msonkho. K20,000 imene abwana angawonjezere ndi ya papepala, isanadulidwe. Ndi ndalama ziwiri zosiyana.

Funso loyenera ndi ili: abwana akawonjezera K100, zingati zifika kunyumba? Kwa alamu, ndalama iliyonse yowonjezera inkagwera m'gawo la 25 peresenti, ndipo penshoni inkatengapo 5 peresenti. Pa kapepala kawo zonse ziwiri zimawerengedwa kuchokera pa malipiro onse, ndiye pa K100 pachoka K30, patsala K70. Abwana akanavomera K20,000 ija, kunyumba kukanafika K14,000 yokha. Pakanaperewerabe K6,000 mwezi uliwonse, K72,000 pachaka, pamene alamu akuganiza kuti nkhani inatha.

Kuti mupeze yoti mupemphe, gawani kukwera kwa lendi ndi gawo limene limafika m'manja. Pafoni lembani chonchi:

```
20000 ÷ 0.70 = 28571
```

Tinaikweza kufika pa K28,600. Musakhulupirire yankho musanaliyese. Malipiro atsopano akhala K428,600. Chotsani K150,000, patsala K278,600, ndipo 25 peresenti yake ndi K69,650. Penshoni ndi K21,430. Yofika m'manja ndi K337,520, kutanthauza kuti yakwera ndi K20,020 kuchokera pa K317,500. Zagwirizana. Ngati poyesa chonchi simukupeza nambala yoyandikira kukwera kwa lendi, ndiye kuti mwalakwitsa gawo la msonkho kapena pali chodula china chimene mwaiwala.

K28,600 pa K400,000 ndi 7 peresenti ndi kanthu kakang'ono. Achemwali ankafuna 33 peresenti, yomwe ndi K132,000, ndalama imene bwana aliyense akanangoikana pakhomo pomwe. Alamu ankafuna 5 peresenti imene sikanakwana. Yofunika inali pakati, ndipo inali yoti munthu angathe kuitchula pamaso pa abwana ali ndi pepala losonyeza mmene waipezera.

Kulakwitsa kofala pano n'kugwiritsa ntchito msonkho wonse wa pa kapepala. Munthu amaona kuti pa K400,000 amalandira K317,500, n'kunena kuti pa K100 pamafika K79. Zimenezo n'zoona pa malipiro onse, chifukwa muli gawo lopanda msonkho lija. Koma gawo limenelo munalidya kale. Ndalama yowonjezera imakhala pamwamba, ndipo imadulidwa ndi peresenti ya pamwambayo. Mukagawa ndi 0.79 mupeza K25,300, imene ifikitsa K17,710 yokha.

Ngati za magawo a msonkho zikukusokonezani, pali njira ina. Tengani timapepala tiwiri ta malipiro, kena ka musanakwezedwe ulendo wathawu, kena ka mutakwezedwa. Onani kuti yofika m'manja inakwera ndi zingati, n'kugawa ndi mmene malipiro onse anakwerera. Yankho lake ndi gawo lanu lofika m'manja. Njirayi imagwira ntchito pokhapokha ngati magawo a msonkho sanasinthe kuchokera nthawi imeneyo, komanso ngati ngongole imene amakudulani kuntchito inali yofanana m'miyezi iwiriyo. Ngongole ya ku SACCO kapena ya adivansi imene amadula nambala yomweyomweyo mwezi uliwonse silowa m'kugawaku. Zolowa ndi zokhazo zodulidwa mwa peresenti, kuphatikizapo chakhumi ngati mumapereka potengera malipiro.

Amene ali pafupi ndi malire a gawo la msonkho awerengere pawiri. Tiyerekeze munthu wa K490,000 pa magawo a 2024 aja. K10,000 yoyamba imufikitsa pa K500,000, ndipo pa imeneyo alandira K7,000. Patsala K13,000 yoti apeze, koma tsopano walowa m'gawo la 30 peresenti, ndiye pamodzi ndi penshoni pa K100 pafika K65. K13,000 kugawa ndi 0.65 ndi K20,000. Iye afunika K30,000. Musaope kuti kudumpha malire kuchititsa kuti malipiro onse adulidwe 30 peresenti. Imadulidwa choncho ndi yokhayo yopitirira malire. Wa malipiro a K120,000, amene sanafike pa msonkho, amangodulidwa penshoni, ndiye agawe ndi 0.95 n'kupeza K21,100.

Nanga ngati ndalamayo ichokere ku geni?

Achemwali atamva kuti kukwezedwa kuntchito si kwa mawa, anati, "Achimwene, ndingowonjezera mbatata ya K20,000." Ndi kuphonya komwe kuja, koma kuno n'kokulirapo, chifukwa pa ndalama yogulitsa, yambiri ndi mpamba.

Nthawi imeneyo thumba limodzi ankapikula pa K50,000 kwa alimi a ku Bembeke. Kulinyamula kufika pamsika ndi K4,000, chiphaso cha msika ndi majumbo K1,000. Lalowa K55,000. M'thumbamo mumatuluka ndowa zisanu za K13,000, pamodzi K65,000. Phindu ndi K10,000 pa thumba, kapena kuti K15 pa K100 iliyonse yogulitsa. Kuti apeze K20,000 ya lendi ayenera kugulitsa matumba awiri owonjezera, malonda a K130,000. Afunikanso mpamba wa K55,000 wogulira thumba loyamba, ngati lachiwiri adzagule loyambalo litatha. Mbatata ya K20,000 imene ankanena ikanawapatsa phindu losafika K4,000.

Ndipo kachewere wa nyengo ya mvula sachedwa kuwola. Achemwali anavomera kuti mu Januwale ndi Febuluwale pansi pa thumba pamapezeka zonyowa zonunkha zoti n'kutaya, ndipo phindu limatsika kufika pa K8,000. Pamenepo matumba awiri sakwana, afunika atatu. Werengerani ndi phindu la mwezi woipa, chifukwa lendi siisiyanitsa miyezi.

Njira ina ndi kukweza mtengo. Amagulitsa matumba 8 pamwezi, omwe ndi ndowa 40. K20,000 kugawa ndi 40 ndi K500 pa ndowa. Zikuoneka zopepuka, koma onani chimene chingachitike makasitomala ena akasamukira kwa mnzanu wa benchi loyandikana. Phindu pa thumba likhala K12,500. Akagulitsa onse 8 apeza K100,000, zatheka. Akagulitsa 7 apeza K87,500, ndiye kuti awonjezera K7,500 yokha. Akagulitsa 6 apeza K75,000, yochepera imene ankapeza asanakweze. Aliyense wa geni adziwe nambala imeneyi asanasinthe mtengo: ndi katundu wochuluka bwanji amene angatsale kukwezako kusanasanduke kutaya.

Nthawi ndi adivansi

Masamu onsewa akuyenda ngati lendi ndi malipiro zikwera tsiku limodzi. Sizitero. Lendi ya alamu inkakwera mu Januwale, pamene kuntchito kwawo amaunika malipiro mu Epulo. Miyezi itatu ya pakatipo ndi K60,000 imene kukwezedwa kwa mu Epulo sikudzabweza, pokhapokha ngati adzapatsidwa ya m'mbuyo. Januwale yemweyo ndi mwezi wa fizi ya temu yachiwiri, wa feteleza wobereketsa, ndiponso nthawi imene chimanga chimadula pamsika.

Kulipira miyezi itatu nthawi imodzi sikuwonjezera lendi ya pachaka, koma kumafuna K240,000 tsiku limodzi pa munthu wolandira K317,500. Apa ndi pamene ambiri amagwira njakata n'kupita kwa akatapila. Alamu anali atafunsako kale kwa wina, amene pa K60,000 ankafuna K30,000 pamwamba pakutha pa mwezi. Chiwongoladzanja chotere chiphatikizeni ku lendi, chifukwa mwachilipira chifukwa cha nyumbayo. K30,000 kugawa pa miyezi itatu ndi K10,000, ndiye kukwera kwa lendi kwafika pa K30,000 pamwezi, ndipo malipiro ofunika kuti mukwanitse achoka pa K28,600 kufika pa K42,900.

Kumbukiraninso kuti K28,600 ija ikungotseka dzenje la lendi lokha. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo, shuga, mafuta ndi thiransipoti zonse zinakwera, ndipo a landilodi ambiri amatchula mtengo wa simenti ndi malata pokweza lendi. Tiyerekeze kuti kuntchito akweza onse ndi 10 peresenti. Kwa alamu ndi K40,000 papepala, K28,000 m'manja. Lendi itenga K20,000, patsala K8,000 yoti ilimbane ndi kukwera kwa zinthu zina za K237,000. Zinthuzo zikangokwera kupitirira 3 peresenti ndi theka, banja latsika ngakhale malipiro akwera. Choncho popita kwa abwana, nambala ya lendi ikhale poyambira pokambirana, osati pothera.

Kusamuka

Tinayesanso kuwerengera zosamuka. Kunali nyumba ya K65,000 kunja kwa tauni, yotsika ndi K15,000 poyerekeza ndi lendi yatsopano. Koma kuchokera kumeneko alamu akanafunika kabaza wa K1,000 tsiku lililonse, ndipo pa masiku 22 a ntchito ndi K22,000. Nyumba yotchipayo ikanawadyera K7,000 yoposa. Ngakhale akanati aziyenda pansi, galimoto yonyamula katundu inkafuna K45,000, ndiye miyezi itatu yoyamba ikanangobweza ya galimotoyo, osawerengera matumba a achemwali amene akanatalikira msika. Powerengera nyumba ina iliyonse, phatikizani lendi, mayendedwe, madzi ndi magetsi, kenako gawani mtengo wosamukira ndi zimene mukupulumutsa pamwezi kuti mudziwe miyezi imene idutse musanayambe kupindula.

Zimene anachita ndi pepalalo

Loweruka lotsatira alamu anapita kwa a landilodi atanyamula kope lija. Sanakapemphe kuti lendi isakwere, chifukwa nyumba zoyandikana nazo zinali kale pa mtengo womwewo. Anakapempha zinthu ziwiri zimene masamu anaonetsa kuti ndizo zopweteka: miyezi itatu ya pakati ija, ndi kulipira pakamodzi.

"Bambo, mtengo wanu sindikuukana," anatero. "Koma kuntchito amatiunika mu Epulo. Ndiloleni ndilipire K70,000 kuyambira Januwale mpaka Malichi, K80,000 iyambe mu Epulo, ndipo ndipitirize kulipira mwezi ndi mwezi monga ndakhala ndikuchitira zaka zinayi osaphonya."

A landilodi anavomera za K70,000, koma pa adivansi anati miyezi iwiri. Alamu anapempha kuti zilembedwe, onse awiri anasaina, aliyense n'kusunga pepala lake. Dzenje la K60,000 linatsika kufika pa K30,000. Pa K10,000 ya mwezi uliwonse, K8,500 yotsala ija inatseka gawo lalikulu, ndipo K1,500 anaichotsa pa mayunitsi a foni. Banki m'khonde sanaikhudze. Achemwali anawonjezera thumba limodzi pamwezi m'malo mwa atatu, n'kumaika phindu lake pambali kuti lithandize pa adivansi ya miyezi iwiri. Ndipo m'kalata imene alamu analembera abwana mu Febuluwale anaikamo K28,600 monga ya lendi yokha, n'kulemba pansi pake mizere inayi yosonyeza malipiro atsopano, msonkho, penshoni ndi yofika m'manja.